Chimanga Chanu Chifike Febuluwale: Uthenga wa pa Wailesi Woitanira Anthu ku Shedi Nambala 47

Olankhula ndi anayi: woulutsa mawu, mayi wina, mlamu wake, ndi mmisiri wa nkhokwe za malata.

(Kumveke kupeta chimanga pa lichero, nkhuku zikulira chapatali.)

MLAMU: Odi kuno! Alamu, mwayamba kale kupeta? Chaka chino ndiye Mulungu wakukumbukirani.

MAYI: Lowani alamu. Kukolola ndakolola ndithu, matumba 18 ndi awa mukuwaonawa. Koma mtima suli m'malo.

MLAMU: Chavuta n'chiyani?

MAYI: Mwaiwala za chaka chatha? Ndinasunga matumba 12 kuchipinda uku. Pofika Novembala, usiku ndinkachita kumva anankafumbwe akutafuna, ngati mvula yowaza pa denga. Tsiku lomwe ndinamasula thumba, ndinapisa dzanja n'kutulutsa fumbi lokhalokha. Njere iliyonse inali ndi chiboo. Ufa wake unkanunkha, ana nsima ankangoyigwiragwira. Mu Febuluwale ndinakagula chimanga kwa mavenda omwe aja ndinawagulitsa motchipa mu Juni.

MLAMU: Nanga chaka chino mwaganiza zotani?

MAYI: Ndingogulitsa msanga, chisanafumbwe.

MLAMU: Ayi alamu, dikirani kaye. Musagulitse musanakaone zomwe zili ku Chichiri. Lachisanu lino chionetsero cha zamalonda chikutsegulidwa, ndipo kuli amisiri amene abweretsa nkhokwe za malata. Loweruka akatsegula nkhokwe yomwe anaitseka mu Juni chaka chatha, anthu onse akuona.

MAYI: Miyezi 11 osatsegula? Osathira mankhwala?

MLAMU: Tiyeni tikadzionere tokha. Basiketi yanu ija mutengeremo chimanga chodzaza manja awiri, akakuyezerani ngati chauma.

(Kanyimbo kachidule, kenako katsike.)

WOULUTSA: Alimi, amayi osunga chakudya cha pakhomo, eni zigayo, akuluakulu a masukulu ogonera komweko, atsogoleri a magulu a alimi, uthengawu ndi wanu. Chionetsero cha zamalonda chikuchitikira pa bwalo la zionetsero la Chichiri mumzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, kufupi ndi bwalo la mpira la Kamuzu. Chikuyamba Lachisanu pa 22 Meyi, chidzatha Lachinayi pa 28 Meyi. Gulu la amisiri okhoma nkhokwe za malata likupezeka pa shedi nambala 47 tsiku lililonse, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Ndili ndi mmodzi mwa amisiriwa muno. Bambo, takulandirani. Tiuzeni, munthu akabwera pa shedi yanu aona chiyani?

MMISIRI: Zikomo achimwene. Choyamba chomwe mudzaone pa tebulo lathu ndi mabotolo awiri agalasi. Onse tinathiramo chimanga cha m'munda umodzi, tsiku limodzi, miyezi itatu yapitayo, ndipo m'botolo lililonse tinaikamo anankafumbwe amoyo. Lina tinalitseka ndi chivindikiro cholimba, mpweya osalowa. Linalo tinangomanga kansalu pakamwa. Mudzalinyamule nokha la kansalulo, mudzaligwedeze. Pansi pake padzaza ufa wotuwa, tizilombo tikuyendayenda, tachulukana. La chivindikirolo chimanga chikulira ngati miyala, anankafumbwe ali gone pansi, anafa kalekale.

WOULUTSA: Chawapha n'chiyani, poti simunathiremo mankhwala?

MMISIRI: Kusowa mpweya. Nankafumbwe amapuma ngati inu ndi ine. Mukamutsekera pamalo poti mpweya watsopano sukulowa, amamaliza womwe ulimo, kenako amafa. Mphutsi zake zomwe zimabisala mkati mwa njere nazonso zimafa. Nkhokwe yathu ndi botolo lomwelo, koma lalikulu, lokhomedwa ndi malata osachita dzimbiri msanga. Msoko uliwonse timaupinda n'kuumata ndi mtovu, ndipo pamenepo ndi pomwe pagona luso lonse. Kabowo kangachepe bwanji, ngakhale kolowa nsonga ya singano, nkhokweyo yasanduka chitini wamba. N'chifukwa chake pa shedi 47 tidzakulolani kusuzumira mkati mwa nkhokwe yopanda kanthu dzuwa likuwala kunja. Mukaona kadontho ka kuwala pa msoko, musagule. Muzichita chimodzimodzi kulikonse komwe mungakagule nkhokwe yotere, kaya ndi kwa ife kaya kwa ena.

WOULUTSA: Nanga za kandulo zomwe anthu amakamba zija?

MMISIRI: Zimenezo tidzaonetsa kawiri tsiku lililonse, 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Mukathira chimanga, pamwamba pamatsala kampata. Mumaika kambale pa chimangacho, n'kuimikapo kandulo woyaka, kenako mumavindikira. Chivindikiro cha pamwamba ndi cha potulutsira pansi mumazimanga zolimba ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Kandulo uja amadya mpweya wotsalawo mpaka kuzima yekha. Mukatero musatsegule kwa mwezi wathunthu, kuti tizilombo tonse tithe. Ukatha mweziwo mukhoza kumatapa pansipo chokagayitsa, n'kumanganso mphira nthawi yomweyo. Ndimakonda kuti mayi mmodzi pagulu la oonerera amange yekha mphirayo, chifukwa kunyumba sikudzakhala mmisiri.

WOULUTSA: Mumangotamanda nkhokwe yanu. Palibe pomwe imalephera?

MMISIRI: Palipo, ndipo ndinena mosabisa. Nkhokwe ya malata siumitsa chimanga. Mukathiramo chachinyontho, chidzachita chuku, ndipo chimanga cha chuku n'choopsa kwa anthu ndi ziweto zomwe. Poizoni wake satha ngakhale muphike. Chimanga chosunga chimafunika chiume mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 pa 100 alionse. Ife tabwera ndi kamakina koyezera, ndiye aliyense wobwera ndi chimanga chodzaza manja awiri tidzamuyezera ulere, agule asagule. Tidzakuphunzitsaninso njira ya mchere, yoti mukachite kwanu popanda makina. Mumatenga botolo lagalasi louma bwino, mumathiramo chimanga ndi masupuni awiri kapena atatu a mchere woumitsitsa, mumatseka, mumagwedeza, n'kulisiya kwa mphindi 15. Mukagwedezanso, mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa mkeka padzuwa. Chinanso, nkhokweyi siikhala panja. Imafuna m'nyumba kapena pamthunzi, pamwamba pa matabwa, osagunda khoma. Ikamawombedwa ndi dzuwa masana n'kuzizira usiku, mkati mumachita thukuta.

WOULUTSA: Ndiye Loweruka kuli chiyani?

MMISIRI: Loweruka pa 23 Meyi, 10 koloko m'mawa, tidzadula mphira wa nkhokwe ya matumba asanu yomwe tinaitseka mu Juni chaka chatha. Ifenso sitinasuzumiremo chiitsekereni. Tidzapempha munthu mmodzi pagulupo kuti adule yekha, atape yekha, apatse anzake alume njere ndi mano. Pambali pake tidzaika thumba wamba la chimanga cha m'munda womwewo, lomwe lakhala pakona miyezi yomweyo. Ine ndakhala ndikukhoma malata zaka zambiri, ndowa, mbaula, zitini zothirira m'dimba. Koma palibe ntchito imene imandikhudza ngati iyi, chifukwa ndinakulira pakhomo pomwe nkhokwe inkadzaza mu Meyi koma Januwale tinkagona ndi phala la gaga. Chimanga chinalipo, tinangochidyetsa tizilombo ndi makoswe.

(Kumveke phokoso la anthu ambiri ndi kulira kwa lata likugogodedwa.)

MAYI: Alamu, taonani! Chimanga chake ngati chatonoledwa dzulo. Bambo, yolowa matumba 10 ilipo?

MMISIRI: Ilipo mayi. Tili ndi ya matumba asanu, ya matumba 10 ndi ya matumba 20, kuwerengera thumba la makilogalamu 50. Musanasankhe, mukayeze kaye m'lifupi mwa chitseko cha chipinda chomwe mukaikemo, mubwere ndi chingwe chake. Ngati yaikuluyo singalowe, tidzabwera ndi malata kudzakhomera m'nyumba momwemo.

MAYI: Nanga ndalama ndilibe yokwanira lero.

MMISIRI: Musadandaule. Aliyense wolembetsa pa shedi pano m'masiku a chionetsero tikumuchotsera 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse. Mumapereka theka lero, tikukupatsani lisiti, theka linalo mudzapereka nkhokwe ikafika pakhomo. Mukakhala gulu la anthu asanu kapena kuposa a dera limodzi, thiransipoti ndi yathu m'maboma a Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo. Msoko ukadzatayikira m'chaka choyamba, tidzabwera kudzamata popanda kulipiritsa, ndipo zimenezi zalembedwa pa lisitipo.

MLAMU: Nyemba ndi nandolo nazonso zingasungidwe?

MMISIRI: Nyemba, nandolo, khobwe, mapira, mpunga, zonsezo, bola zikhale zouma ndi zopetedwa bwino.

(Phokoso lithe. Kanyimbo kabwerere pansipansi.)

WOULUTSA: Ndibwereze kwa amene mwangotsegula wailesi kumene. Malo ndi bwalo la zionetsero la Chichiri ku Blantyre. Ochokera ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre, kwerani minibasi yodzera mu msewu wa Masauko Chipembere, muuze kondakitala akutsitseni pa zionetsero. Pageti pamakhala malipiro a okonza chionetsero, koma pa shedi yathu kuona, kufunsa ndi kuyezetsa chimanga ndi ulere. Mukalowa, funsani shedi nambala 47. Simungasochere: pakhomo pake taimika nkhokwe zitatu zonyezimira, yaifupi, yapakati ndi yaitali, ndipo pamwamba pali nsalu yobiriwira yolembedwa kuti "Chimanga Chanu Chifike Febuluwale".

Masiku ndi kuyambira Lachisanu pa 22 Meyi mpaka Lachinayi pa 28 Meyi, 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lamulungu lomwe. Chionetsero cha kandulo ndi 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana tsiku lililonse. Kutsegula nkhokwe ya miyezi 11 ndi kamodzi kokha, Loweruka pa 23 Meyi, 10 koloko m'mawa, choncho fikani msanga mupeze malo kutsogolo. Kuchotsera mtengo kudzatha Lachinayi pa 28 Meyi, 5 koloko madzulo.

MAYI: Alamu, mawa ndibweranso ndi amayi a m'gulu lathu lija. Tikwana asanu ndi mmodzi.

MLAMU: Muwauze asaiwale chingwe choyezera chitseko, ndi chimanga chodzayezetsa.

WOULUTSA: Chichiri, shedi nambala 47, kuyambira pa 22 mpaka pa 28 Meyi. Tikudikirani.

(Kanyimbo kakwere, kathe.)