Chidule chokonzekera mayeso: Kuukira kwa John Chilembwe, 1915

Anzanga, notsi za Lachiwiri zija Tadala anazijambula pa foni ndazilemba bwino, chifukwa chithunzicho chili ndi mthunzi kumunsi ndipo mawu ambiri ndi ofupikitsa. Pomwe palembedwa JC ndi Chilembwe, WJL ndi William Jervis Livingstone. Ameneyu musamusokoneze ndi David Livingstone, yemwe anamwalira kale mu 1873.

Chilembwe anakumana ndi mmishonale Joseph Booth mu 1892, ndipo mu 1897 anapita naye ku Amereka komwe anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerera mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Kwa zaka zoposa khumi ntchito yake inali ya tchalitchi ndi masukulu, kuphunzitsa anthu kudzidalira. Nanga chinamusintha n'chiyani? Apa ndi pomwe aphunzitsi anakhalitsa, ndipo Tadala anadula mizere iwiri pansi pa mawu akuti "zifukwa zakale ndi choyatsa moto".

Zifukwa zakale zikuyambira pa malo. Azungu anatenga minda ikuluikulu kumapiri a Shire, ndipo okhala pamenepo ankalipira lendi ndi thukuta lawo. Ambiri mwa iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambiki, omwe analibe kwina kothawira, choncho ankangopirira. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, yoyandikana ndi mishoni, Livingstone, yemwe ankayang'anira esitetiyo, ankadziwika ndi nkhanza ndipo matchalitchi a anthu a Chilembwe omangidwa pa esitetiyo ankatenthedwa. Onjezerani msonkho wa nyumba ndi njala yomwe inavuta cha m'ma 1912. Komatu zonsezi zinalipo kwa zaka, anthu osanyamula mikondo. Choyatsa moto chinali nkhondo ya 1914. Anthu akuda atafa pomenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Sepitembala, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni ake ndi kusiya amasiye. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Ine ndikuona kuti yankho losatchula kalata imeneyi ndi loperewera, ngakhale mufotokoze thangata masamba awiri.

Zochitika zake n'zachidule. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linapha Livingstone ku Magomero ndi kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso pa esitetiyo. Akazi ndi ana awo sanaphedwe. Gulu lina linakathyola nkhokwe ya zida ku Mandala ku Blantyre koma linangopeza mfuti zochepa. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama, yemwe ankatsogolera kuukira kumeneko, sanapite patali. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje. Boma linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, linanyonga ndi kuwombera omutsatira ambiri, kenako linakhazikitsa bungwe lofufuza lomwe linatulutsa lipoti mu 1916.

Mawu ofunika

Thangata: poyamba kunali kuthandizana ntchito pamudzi. Atsamunda anakusandutsa ntchito yokakamiza m'malo mwa lendi. Pa mayeso perekani matanthauzo onse awiri.

Msonkho wa nyumba: ndalama yolipira pa nyumba iliyonse, yomwe inkakankhira amuna kukagwira ntchito kwa azungu.

Tengatenga: onyamula katundu pamutu, omwe pa nthawi ya nkhondo ankalembedwa mokakamiza.

Mipingo yoima payokha: yotsogozedwa ndi Aafirika, osati mamishoni a ku Ulaya. Boma linayamba kuikayikira kwambiri pambuyo pa 1915.

Mafunso omwe angabwere

1. Fotokozani zomwe zinachititsa kuukira kwa 1915. Ili ndi lomwe ndikuliyembekezera kwambiri. Gawani yankho pawiri monga ananenera aphunzitsi, ndipo musonyeze mmene nkhondo inakolezera madandaulo omwe analipo kale.

2. N'chifukwa chiyani kuukiraku kunalephera? Tchulani kusowa kwa mfuti, kusagwirizana kwa nthawi pakati pa Chiradzulu ndi Ntcheu, komanso kuti mafumu ambiri sanalowerere.

3. Kodi Chilembwe ankafuna kulanda boma kapena kufa monga mboni yotsutsa nkhanza? Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pamenepa, ndiye sankhani mbali ndi kuiteteza. Kukatenga zida ku Mandala kukusonyeza cholinga chomenya nkhondo, pomwe kukhalabe kwake ku Mbombwe n'kulalikira Lamulungu la pa 24 Januwale kukuthandiza mbali inayo.

4. Lembani mwachidule za mphamvu ya Joseph Booth pa maganizo a Chilembwe.

Chenjezo limodzi: 15 Januwale ndi tsiku la tchuthi chokumbukira Chilembwe, si tsiku lomwe kuukira kunayamba. Tadala, tijambulirenso tsamba lachiwiri lija la zotsatira, koma panja pa dzuwa, kuti tikakumana Loweruka tiyeserere funso lachitatu pamodzi.