Phunziro la Mtsutso, Fomu 3: Kodi Makala Aletsedwe M'mizinda?

Mutu wa mtsutso: "Boma liletseretu kugulitsa makala m'mizinda ya m'Malawi."

Tidzakonzekera Lachitatu, ndipo mtsutso weniweni udzakhala Lachisanu m'mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80. Pepalali ndi limodzi pa desiki, choncho musalembepo. Mayankho onse apite m'makope mwanu.

Mutuwu ndausankha dala. Nditafunsa sabata yatha, pafupifupi nonse munakweza manja kuti nsima ya dzulo lake inaphikidwa pa mbaula ya makala. Ena mwa inu fizi yanu imachokera m'matumba omwe timawaona pa njinga m'mawa uliwonse mumsewu wochokera ku Zalewa. Komanso tonse timaliona phiri la Ndirande mmene linayerera. Nkhaniyi ndi ya pakhomo pathu, ndiye palibe amene anganene kuti alibe chonena.

MBALI ZIWIRI NDI MAUDINDO

M'kalasi muno muli anthu 64. Mudzagawika pawiri, Gulu la Mbawa ndi Gulu la Mlombwa. Gulu lovomereza mutu ndi gulu lotsutsa zidzadziwika pochita maere Lachitatu m'mawa. Mukagwera mbali yomwe mtima wanu sukugwirizana nayo, musabwere kudzadandaula. Loya kukhothi sasankha milandu yokhayo yomwe amaikonda, ndipo amene amatha kuteteza mfundo ya mnzake ndiye amene waimvetsa nkhani.

Oyankhula ndi anayi mbali iliyonse. Woyamba (mphindi 4) amatanthauzira mutu ndi kuyala mfundo zitatu za gulu lake. Wachiwiri (mphindi 3) amabweretsa umboni ndi kuyamba kuyankha. Wachitatu (mphindi 3) ntchito yake ndi kugumula mfundo za mbali inayo. Wotseka (mphindi 2) sabweretsa mfundo yatsopano; amangoonetsa pomwe pagona kusiyana ndi chifukwa chomwe gulu lake lapambanira pamenepo. Mwa anayiwo, awiri akhale atsikana, awiri anyamata, ndipo mmodzi akhale woti sanayankhulepo pa mtsutso uliwonse chaka chino.

Wapampando ndi mmodzi. Iye amawerenga mutu, kuitana oyankhula ndi kupereka mpata wa mafunso. Alibe mbali, ndipo akanena kuti "khalani pansi", mukhale pansi, ngakhale ndinu hediboyi.

Osunga nthawi ndi awiri, wina pa wotchi, wina pa belu. Belu lilire kamodzi kukatsala masekondi 30, kawiri nthawi ikatha.

Alembi ndi awiri, aliyense theka lake la bolodi. Amalemba mfundo za mbali imodzi m'mawu ochepa momwe zanenedwera, osazikometsa.

Oweruza ndi asanu, osankhidwa pa maere tisanagawe magulu.

Otsala 46, anthu 23 mbali iliyonse, ndinu ofufuza Lachitatu ndiponso ofunsa mafunso Lachisanu. Aliyense abwere ndi funso limodzi lolembedwa. Ndidzayendera makope pakhomo polowa.

MALAMULO

1. Yankhulani kudzera kwa wapampando: "Wapampando, oyankhula a mbali inayo anena kuti…" Mnzanu ngakhale mumadya naye mandasi pa buleki, lero ndi "iwo", osati "iwe".
2. Tsutsani mfundo, osati munthu. Kutchula ntchito ya makolo a mnzanu, mtundu wake, mpingo wake kapena chipani ndi kulakwa. M'chipinda muno mawu oti "mbava za nkhalango" asamveke. Nenani kuti "ootcha makala" kapena "ogulitsa makala".
3. Osadula mnzanu pakamwa. Lembani zomwe zakuyabwanizo, nthawi yanu ifika.
4. Nambala iliyonse ikhale ndi kwawo. Mukati "anthu 90 pa 100 alionse", munene komwe mwaitenga. "Ndinamva pa minibasi" si umboni.
5. Funso lisapitirire masekondi 20, yankho masekondi 40. Funso likhale funso, osati ulaliki.
6. Kuwomba m'manja ndi kololedwa woyankhula akamaliza. Kukuwiza, kuimba mluzu ndi kumenya madesiki ayi. A Fomu 4 akulemba mayeso chipinda chinacho.
7. Mtsutso ndi wa m'Chichewa. Mawu obwereka omwe tonse timagwiritsa ntchito, monga laisensi kapena gasi, palibe vuto.

NDONDOMEKO YA LACHISANU

Mphindi 8 zoyamba ndi zokonza madesiki ndi kuponya voti yoyamba yachinsinsi pa timapepala, aliyense monga mwa mtima wake. Kenako oyankhula atatu oyamba a mbali zonse, mosinthana, kuyambira ovomereza (mphindi 20). Magulu akambirane (5). Mafunso ochokera kwa omvera, mosinthana mbali (14). Otseka, kuyambira otsutsa kuti ovomereza amalize (4). Oweruza awonkhetse malikisi pamene ena tonse tikuponya voti yachiwiri (7). Zotsatira ndi ndemanga (10). Mphindi 12 zomaliza aliyense adzalemba ndime imodzi.

PEPALA LOKONZEKERA A: ZOMWE TONSE TIYENERA KUDZIWA

Makala si chinthu chopanda lamulo ayi. Lamulo la nkhalango la 1997 limati wootcha makala akhale ndi laisensi, ndipo mu 2020 lamuloli analikonzanso n'kukhwimitsa zilango. Choncho ovomereza, samalani: simukupempha lamulo lomwe lilipo kale. Mukupempha kuti ngakhale makala a laisensi asagulitsidwe m'tauni. Otsutsa, inunso simukunena kuti aliyense azidula mitengo mmene wafunira.

Pa kalembera wa 2018 anthu m'dziko muno anali pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo nyumba zokhala ndi magetsi zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mumtsinje n'kumasokoneza makina. Magetsi akazima, anthu amathamangira makala. Makala akafunika ambiri, mitengo inanso imagwa. Mbali zonse ziwiri zingathe kugwiritsa ntchito mfundo imeneyi, ndipo ndikufuna kuona amene aigwire bwino.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe. Ena mwa inu munataya abale. Nkhani imeneyi itchulidwe mwaulemu, ndipo aliyense wonena kuti makala okha ndiwo anachititsa ngoziyo ayembekezere kufunsidwa za kuchuluka kwa mvula ndi za nyumba zomangidwa m'mphepete mwa phiri. Ku Lilongwe, nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje womwe mzindawu umamwa, inafika poyang'aniridwa ndi asilikali mu 2015 chifukwa cha makala omwewa.

PEPALA LOKONZEKERA B: NTCHITO YA GULU

Mfundo iliyonse ilembedwe m'magawo anayi: chomwe tikunena, chifukwa chake, umboni, ndi chomwe anzathu angayankhe. Nachi chitsanzo cha pa mutu wina, kuti ndisathandize mbali iliyonse.

Chomwe tikunena: sukulu iziyamba 8 koloko, osati 7:30.
Chifukwa chake: ochokera kutali amafika piriyodi yoyamba itayamba kale.
Umboni: kaundula wa kalasi lathu akuonetsa kuti ochedwa ambiri ndi oyenda mtunda wopitirira ola limodzi.
Anzathu angayankhe kuti: tikayamba mochedwa tidzawerukanso mochedwa, omwewo n'kukafika kwawo kutada. Ife tidzati: tichepetse buleki yachiwiri ndi mphindi 10.

Gawo lachinayilo ndi lomwe ambiri mumalithawa, koma ndi lomwe limapambanitsa mtsutso. Lembani mfundo zitatu motere, kenako yankhani mafunso awa m'kope.

Ovomereza: Makala akaletsedwa Lolemba, mayi wa ku Mbayani wokhala m'nyumba ya lendi yopanda magetsi aphikira chiyani Lachiwiri? Silinda ya gasi aigula ndi ndalama ziti? Wootcha makala wa ku Neno adyetsa bwanji ana ake? Ngati lamulo la laisensi likuvuta kulitsata pa marodibuloko, lanu lidzatheka bwanji?

Otsutsa: Mtengo wa tsanya kapena muwanga umatenga zaka zambiri kuti ukule, koma umagwa tsiku limodzi. Tikapitiriza chonchi, ana anu adzaotcha chiyani? Ngati yankho lanu ndi kudzala mitengo, ndi ingati mwa yomwe tinadzala kuseri kwa labu dzinja lapitali yomwe ikadali moyo? Pitani mukawerenge. Nanga utsi wa mbaula m'nyumba yotseka mawindo mukuti bwanji?

Madzulo a Lachitatu aliyense afunse munthu wamkulu mmodzi kunyumba: thumba kapena kajumbo ka makala mukugula ndalama zingati, ndipo kamatha masiku angati? Umenewu ndi umboni wovomerezeka, bola munene kuti ndi wa pakhomo limodzi, osati wa dziko lonse.

KAPEREKEDWE KA MALIKISI

Woyankhula aliyense ali ndi malikisi 20, gulu lonse 80.

Mfundo ndi umboni, 0 mpaka 8. Perekani 7 kapena 8 ngati mfundo zili ndi chifukwa komanso umboni wodziwika kwawo. 4 mpaka 6 ngati chifukwa chilipo koma umboni ndi woperewera. 1 mpaka 3 ngati wangonena maganizo ake basi. Mwambi umakometsa mawu, koma si umboni. Wonena kuti "wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko" afotokozebe kuti chitseko chake ndi chiti.

Kuyankha mbali inayo, 0 mpaka 6. Perekani 5 kapena 6 ngati wabwereza mfundo ya mnzake molondola kenako n'kuonetsa pomwe yafooka. 3 kapena 4 ngati wayankha koma wazemba pomwe pali povuta. 1 kapena 2 ngati wangoti "si zoona". Wopotoza mawu a mnzake kuti awagonjetse mosavuta asapitirire 2. Woyankhula woyamba wa ovomereza alibe womuyankha, choncho malikisi ake a gawoli achokere pa momwe wayankhira mafunso a omvera. Wapampando aonetsetse kuti walandira mafunso osachepera awiri.

Dongosolo, 0 mpaka 3: kodi mlembi anatha kutsatira ndi kulemba mfundo zake osasokonezeka?

Kumveka, 0 mpaka 3: kodi wokhala kumbuyo anamva? Apa mverani bwino, oweruza. Kukuwa si kumveka. Chibwibwi sichichotsetsa malikisi, ndipo wachibwibwi ali ndi masekondi 30 owonjezera. Katchulidwe ka mawu ka munthu wokulira m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena kapena m'Chitumbuka sikachotsetsa malikisi. Kuyang'ana pa kope n'kololedwa. Kuwerenga liwu ndi liwu osadzutsa mutu kumapereka 1 yekha.

Zochotsera: kunyoza munthu, malikisi 2; kupitiriza masekondi oposa 30 belu lachiwiri litalira, 1; nambala yopeka, 3.

Oweruza akhale motalikirana, ndipo aliyense alembe malikisi woyankhula akangokhala pansi, wina asanaimirire. Pa malikisi alionse a 7 kapena 8, ndi alionse osapitirira 2, alembe chifukwa m'chiganizo chimodzi. Pa gulu lililonse tidzataya chiwonkhetso chapamwamba kwambiri ndi chotsikitsitsa, n'kuphatikiza zitatu zapakatizo. Motero woweruza mmodzi wokondera chibwenzi chake sangasinthe zotsatira mosavuta. Akafanana, apambana omwe ali ndi malikisi ambiri pa kuyankha. Ine sindipereka malikisi, ndingoona masamu ake, ndipo maganizo anga pa makala simuwamva mpaka Lolemba.

Mavoti awiri aja sakhudza wopambana. Tidzangowawerenga kuti tione anthu angati asintha maganizo.

Ndime yomaliza ija iyambe ndi mawu akuti "Mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali yomwe sindinali nayo inali yakuti…" Oweruza, wapampando, alembi ndi osunga nthawi alembe za mfundo yomwe inawavuta kuiweruza. Makope onse afike pa tebulo langa belu la nkhomaliro lisanalire.