Kalata kwa a Phiri a golosale pa Kamwendo: mabotolo 6 a chiponde aulere

Zikomo a Phiri,

Ndine Nabanda wa ku Mkanda, amene ndinakupezani Loweruka lija mukutsitsa makatoni a sopo. Munatanganidwa, ndiye ndati nkhani yangayo ndichite kulemba.

Ndimapanga chiponde, ndipo ndikufuna ndikupatseni mabotolo 6 a magalamu 250 kuti muyese. Ndi aulere, si ngongole ayi. Limodzi mupite nalo kunyumba, mayi ndi ana alawe paphala kapena pambatata. Asanu otsalawo muike pashelefu. Mukawagulitsa, ndalamayo ndi yanu, ine sindidzafunsako ngakhale tambala.

Mtedza wake ndi CG7, wofiira uja, wa alimi a konkuno ku Mchinji. Ndimagula wamakoko n'kusenda ndekha, chifukwa ena amawaza madzi kuti makoko afewe posenda, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimabweretsa chuku. Wofwapa, wowola ndi wofumbwa timachotsa pamanja tisanakazinge. Timathira kamchere basi, shuga ayi. Mudzaona mafuta atayandama pamwamba botolo likakhalitsa, ndipo alipo makasitomala amene amayesa kuti chawonongeka. Muwauze kuti ndi mafuta a mtedza womwewo, angotakasa ndi supuni.

Mukavomera, zidzayenda chonchi. Lachiwiri likubwerali mabotolo afika kumeneko isanakwane 10 koloko mmawa, ndibwera nawo ndekha. Palibe chosainira. Pakatha masabata awiri, Lachiwiri lomwelo, ndidzakuimbirani foni kamodzi kufunsa kuti atuluka angati komanso anthu akuti bwanji. Mudzandiuze zoona, ngakhale zikhale zoti mchere wachepa kapena chivindikiro chikuvuta.

Chikakusangalatsani, oda yoyamba imayambira mabotolo 12, pa K2,800 botolo limodzi. Mtengo wogulitsira mudzaona nokha, koma golosale ziwiri zomwe ndimazipatsa kuno ku Mkanda zimagulitsa K3,500. Mumalipira katundu atafika, pamanja kapena pa Airtel Money ngakhale pa Mpamba. Ndalama ya thiransipoti kufika pa Kamwendo ndi yanga.

Chikapanda kuyenda, mudzangoti "Nabanda, pakadali pano ayi," nkhani yathera pomwepo. Mabotolo otsala musabweze, ndipo sindidzakuvutitsani ndi mafoni kapena kukutumizirani katundu amene simunaitanitse.

Chomwe ndikupempha lero ndi chimodzi: mundiyankhe pa nambala yomwe ndalemberayi pofika Lamulungu madzulo, "bweretsani" kapena "ayi". Ndimakazinga Lolemba, ndiye ndikufuna ndidziwiretu kuchuluka kwa mtedza woti ndisende. Mukakhala chete ndidzadziwa kuti nthawi sinakwane, ndipo Lachiwirilo sindibwera. Ngati tsikulo mudzakhale mutapita kokaoda ku Lilongwe, mungondiuza woti ndimusiyire.

Moni kwa mayi kunyumbako.

Ine,
Nabanda