Pempho langa pa nkhani ya makutu ndi zomwe zingandithandize pantchito

Mayi Gondwe, mwaswera bwanji? Ndine Limbani wa pa sikelo. Ndasankha kukulemberani m'malo moyankhula pa geti chifukwa pamene paja pamakhala phokoso ndipo nkhani yake ndi yaphokoso lomwelo, komanso ndikufuna mukhale ndi cholembedwa choti muziwerenga mofatsa mukapeza mpata.

Ndili ndi vuto losamva bwino, makutu onse awiri koma lakumanzere ndiye kwambiri. Mwezi wathawu ndinakayezetsa ku chipatala cha Helen Joseph kuno ku Joni, anandilowetsa mu kachipinda kotseka bwino kosalowa phokoso nkundiveka mahedifoni, akaliza kabelu ine ndizidina batani ndikakamva. Zotsatira zake ndili nazo papepala ndipo ndibwera nalo. Mawu okhuthala ngati injini ya thiraki ndimamva ndithu, koma mawu opyapyala, makamaka cha pa 4000 Hz pamene mzere wa papepalapo wagwera pansi, ndi amene anandithawa. Anandifotokozera kuti umu ndi momwe makutu amaonongekera munthu akakhala nthawi yaitali mu phokoso la makina, ndipo ine ndisanabwere kwa inu ndinagwira zowotcherera ndi galayinda kuyambira ku Ndirande mpaka ku Germiston opanda chotseka m'makutu. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso, ndiye palibe mapilisi kapena jakisoni woti zibwerere, chomwe chilipo ndi kuteteza zomwe zatsala ndi kuvala timakina tothandiza kumva. Ndalembetsa kale timakinato ndikudikira. Komanso m'makutumu mumalira ngati nyenje usana ndi usiku, ndipo tsiku lomwe kwachuluka phokoso kuliraku kumakula.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri Mayi ndi choti vuto si kuchepa kwa mawu ayi, mawu ndimawamva kuti munthu akuyankhula koma amafika osokonekera, zilembo ngati s, f ndi t zimasowa. Kasitomala akanena pa foni kuti fifitini kapena fifite, sikisi kapena seveni, kwa ine zimatha kumveka chimodzimodzi, ndiye tangoganizani ntchito yathu yonse ndi manambala, makilogalamu, ma randi, nambala ya foni ya wolandira katundu ku Wenela kapena ku Lilongwe. Nchifukwa chake mumandiona ndikubwereza nambala kawiri katatu ndi kumuonetsa kasitomala risiti asanachoke. Ndipo kukuwa sikuthandiza, munthu akakuwa mawu amaphwanyika kwambiri pakamwa pamasinthanso ndiye ngakhale kuwerenga milomo kumakanika, kuonjezera apo kasitomala amene waima pamzere amaganiza kuti tikukangana.

Ntchito yanga ndimaikonda ndipo ndimaitha, mabuku a katundu mumawaona nokha. Sindikupempha kuti mundichepetsere ntchito kapena maola, ndikupempha kuti tisinthe tinthu tingapo ta momwe uthenga umandifikira, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama olo pang'ono.

Chachikulu ndi ma voisi noti a pa gulupu ya WhatsApp. Madalaivala akafika pa Beitbridge kapena pa Nyamapanda amajambula uthenga ali mu thiraki injini ikulira mphepo ikuwomba, mphindi zitatu zathunthu, penapake mkatimo muli nambala ya katundu amene watsalira kapena ndalama yomwe yasintha, ine ndimamvera kangapo foni nditaikanikiza kukhutu lakumanja mwina osatolapobe kanthu mpaka ndikapemphe Chisomo andimverere, iyenso ali ndi ntchito yake. Ndikupempha kuti pakhale lamulo lochokera kwa inu loti chilichonse chokhudza nambala, dzina, ndalama kapena nthawi chizilembedwa. Akafuna kujambula nkhani zina ajambule palibe vuto, bola pansi pake alembe mzere umodzi, mwachitsanzo kuti mabokosi 12 a Mzuzu atsala pa Mwanza tinyamuka mawa 6 koloko. Izi zithandiza ngakhale inu, kasitomala akabwera kudzadandaula pakatha masabata mumangofufuza dzina pa foni uthenga nkutuluka pompo, pamene voisi noti simungaifufuze.

Foni ya pa ofesi nayo ndikupempha kuti azilandira Chisomo kapena wina amene ali pa kauntala, ine nditenge makasitomala onse a pa WhatsApp ndi kulemba marisiti ndi kulondoloza katundu. Ndinacheza naye kale wanena kuti kwa iye palibe chovuta chifukwa kulemba kumamuchedwetsa, koma mawu omaliza ndi anu.

Kenako malo omwe tebulo langa lili. Panopa ndakhala pafupi ndi chitseko chachikulu nsana nditalozetsa ku yadi, kumanja kuli wailesi ya anyamata olongeza, magetsi akazima jenereta imalira kuseri kwa khoma lomwelo. Tikalisunthira pa kona ya kufupi ndi windo lija, nsana kukhoma nkhope kuchitseko, ndiziona aliyense amene akulowa asanayambe kuyankhula ndipo kuwala kuzigwera pankhope ya kasitomala osati m'maso mwanga. Sikelo ili ndi chingwe chachitali ndayeza chikufika. Wailesi sindikunena kuti izime, anyamata amalimba nayo mtima polongeza, ingopita mbali ya kumatumba uko. Ndipo kanyali kotchaja kamodzi pa tebulo kangathandize nthawi ya mdima chifukwa ndikapanda kuona pakamwa pa munthu theka la nkhani landidutsa.

Tsono pali nkhani yomwe imandisowetsa tulo, ya folokolifiti ndi mathiraki akamabwerera m'mbuyo. Kabelu kamene kamalira pobwerera kaja ndi mawu opyapyala enieni amene ine sindimawamva bwino, ndipo poti khutu limodzi ndi lofooka kuposa linzake sinditha kudziwa msanga kuti phokoso likuchokera mbali iti. Tsiku lina ndikuwerenga mabelo a zovala pakati pa yadi ndinangomva munthu akundikoka malaya, kutembenuka folokolifiti yadutsa pomwe ndinaima, woyendetsa analiza hutala ndithu sanalakwe koma hutala kwa ine sikwanira. Ndikupempha tiike nyali yothwanima pamwamba pa folokolifiti ndi ina ija yabuluu yowalitsa pansi kutsogolo kwa komwe ikupita, tipentenso mzere wachikasu wa oyenda pansi kuchoka pa ofesi kukafika pa geti, ine ndizivala jekete yowala nthawi zonse kuti woyendetsa azindiona patali ndipo asamaganize kuti poti waliza ndamva, aziyembekeza ndimukwezere dzanja. Alamu ya moto nayo ikhale ndi nyali yothwanima, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika kuti pakachitika ngozi ndi iye wodzandigwira paphewa, makamaka ndikakhala mu sitolo ya kumbuyo ndekha. Izi ndiye zofuna ndalama kwambiri, ndikhoza kukatenga makoteshoni awiri atatu ku mashopu a zamagetsi kuno ku Selby kuti muone nokha musanaganize. Mu yadimu mumalowanso azimayi ndi ana pobweretsa katundu ndiye nyalizo si za ine ndekha.

Pa miting'i ya Lolemba m'mawa ndingapemphe kuti tizichitira mu ofesi chitseko chotseka osati panja injini zikutenthetsedwa, aziyankhula mmodzi mmodzi, ndipo zomwe tagwirizana wina alembe pa bolodi kapena pa gulupu. Anthu anayi akayamba kuyankhula nthawi imodzi, wina Chichewa wina Chizulu wina Chingerezi, ine ndimangoona milomo ikuyenda, ndipo ndikamaweruka mutu umakhala ukuwawa chifukwa tsiku lonse ndakhala ndikulumikiza mawu oduka. Wofuna kundiyankhula ayambe wandikodola kapena kundigwira paphewa, andiyang'ane, asatseke pakamwa ndi dzanja, ndikapanda kumva asabwereze mawu omwewo mokweza koma anene mwanjira ina kapena alembe. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi munthu kunena kuti basi zisiyeni sizofunika, chifukwa pamenepo ndiye kuti wandichotsa mu nkhani.

Ndidzafunanso chilolezo cha masiku opita ku chipatala, kukatenga timakina kenako kukatichunitsa chifukwa akuti safika pabwino ulendo umodzi, amasintha pang'onopang'ono mpaka ubongo uzolowere. Ndizikuuzani deti ikangodziwika ndipo ndiyesetsa isagwere Lachisanu pamene thiraki ikulongezedwa. Dziwaninso kuti ndikadzavala timakinato makutu sadzabwerera mwakale, timakweza mawu a munthu komanso timakweza jenereta, ndiye zomwe ndapemphazi zidzafunikabe. Pa malo a phokoso lalikulu ndizivala zotseka m'makutu, malamulo a kuno amaika malire a phokoso pa 85 dB kwa munthu wogwira maola 8, ndipo ndingasangalale anyamata ogwira pafupi ndi jenereta ndi kompuresa atapatsidwanso zawo, ambiri ndi achichepere makutu awo akadali abwino.

Ku chipatala anandiuzanso za Employment Equity Act ya 1998, yomwe imaletsa kusala wantchito chifukwa cha ulumali, ndi malangizo ake a boma onena kuti olemba ntchito azikonza zinthu moyenera kuti munthu wotere agwire ntchito bwino pokhapokha ngati zili zolemetsa kampani mopyola muyeso. Sindikutchula izi moopseza ayi Mayi, mwandisunga bwino chilowereni pano ndipo sindinaiwale momwe munandithandizira pa maliro a bambo anga. Ndatchula kuti mudziwe kuti ndi zinthu zodziwika ndipo ngati china chili chodula tikhoza kukambirana njira ina yotchipa.

Za anzanga, ndingakonde ndiwauze ndekha pa miting'i inu mulipo, mwachidule, kuti sindimva bwino ndipo azindiyankhula motere. Pepala la chipatala lokha likhale pakati pa inu ndi ine. Ena akhala akuganiza kuti ndimanyada kapena ndimawanyalanyaza akandiitana kumbuyo, ndipo dzina loti gonthi ndaliona kale likutuluka pakamwa pa wina, ndikupempha kuti inu monga mwini malo munenepo mawu kuti lisazike mizu.

Ngati mungavomere tiyese kwa mwezi umodzi za mauthenga olemba, foni ndi tebulo, kenako tikhale pansi tione zomwe zayenda ndi zomwe zikufunika kukonza, koma za nyali ya folokolifiti ndikupempha tisadikire mwezi. Kodi Lachinayi cha m'ma 10 koloko mungakhale ndi mphindi 20 mu ofesi mwanu? Mundiyankhe polemba pa nambala yomweyi.

Zikomo kwambiri Mayi, Mulungu akudalitseni.

Ndine wantchito wanu,
Limbani