Agogo a M'chithunzi ndi Nkhuku ya Miyendo Itatu

Aphunzitsi anauza ana onse kuti ajambule mudzi. Takondwa atafika kunyumba anayala chikatoni patebulo, n'kutenga burashi ndi timabotolo take tinayi ta penti: wofiira, wachikasu, wabuluu ndi woyera. Anajambula nyumba zitatu, chitsime, mtengo waukulu ndi nkhuku imodzi. Atatopa anasiya chikatonicho kuti chiume, n'kupita kukagona.

Pakhoma, pamwamba pa tebulo lomwelo, panali chithunzi cha agogo ake aakazi, obereka bambo ake. Chinali chakalekale, chakuda ndi choyera basi, ndipo kuseri kwake kunalembedwa 1979. Agogowo anali atakhala pampando, manja pamaondo, osamwetulira ngakhale pang'ono. Takondwa sanawaonepo, poti anamwalira iye asanabadwe.

Pakati pa usiku kamsomali kanazuka. Chithunzi chija chinagwa chagada, n'kumatirira pa penti wamuwisi, pakati penipeni pa mudzi.

"Odi! Odi kuno!"

Takondwa anadzidzimuka. Anatenga tochi n'kunyang'ama kupita patebulo. Ataunika, anangoti kukamwa yasa! Mpando wa m'chithunzi unali wopanda munthu. Pabwalo la mudzi wake panaima agogo, otalika ngati chala chake chamkombaphala, akudziwongola.

"Mayo ine, msana wanga!" anadandaula agogo. "Wojambula uja anandiuza kuti ndisagwedezeke, ndiye sanabwerenso kudzandiuza kuti zatha. Zaka zonsezi ndili chikhalire! Kodi iwe ndiwe mwana wa ndani?"

"Ndine Takondwa, agogo. Mdzukulu wanu."

"Ndaona mphunoyo. Mudzi uno wamanga ndiwe?"

"Eya, agogo."

Agogo anazungulira nyumba yoyamba. Anaizunguliranso kachiwiri. Kenaka anagwira m'chiuno.

"Nanga chitseko chili kuti? Ndilowere padenga?"

Takondwa anaviika burashi msangamsanga n'kujambula chitseko chofiira. Chinatseguka chokha, kwee! Agogo anasuzumira m'kati n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Atafika pachitsime anapeza chouma, ndipo Takondwa anadonthezamo kadontho ka buluu. Madzi anadzaza thothotho, agogo n'kumwa ndi manja.

Pamtengo ndi pomwe panavuta. Unali nthambi zokhazokha, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Dzuwa lako lachikasuli likuwotcha, mwana iwe. Mthunzi uli kuti?"

"Penti wobiriwira ndilibe, agogo."

"Ulibe? Tenga wabuluu pang'ono, uthire wachikasu. Takasa. Takasabe. Waona?"

Takondwa sanakhulupirire maso ake. Pachivindikiro cha botolo panatuluka mtundu wobiriwira! Anadzaza masamba mumtengo monse mpaka nthambi zinawerama, ndipo agogo anakhala pansi pake, miyendo tambalale.

"Bambo akonso anali wotere," anatero. "Makoma anga onse anawalemba ndi makala. Ndinkamuthamangitsa ndi tsache, koma ng'ombe ankazijambula bwino, chilungamo chake."

Atatero anadziyang'ana, nkhope n'kugwa. Chilichonse m'mudzimo chinali ndi mtundu wake, koma iwo okha anali otuwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Nsalu iyi inali yofiira, ya maluwa achikasu. Kamera ija inandibera mitundu yonse."

Takondwa anasankha burashi yaing'ono kwambiri. Anapaka nsalu ija pang'onopang'ono, n'kuikamo timaluwa ndi kunsonga kwa burashi. Agogo ankangodzipinda ndi phwete. "Ukundigirigisha, iwe! Usandipake m'khutu!"

Nthawi yomweyo nkhuku ija inatulukira kuseri kwa nyumba, liwiro lake losaneneka.

"Imeneyi yatani? Bwanji ikuthamanga chonchi?"

Takondwa anayang'ana pansi mwamanyazi. "Burashi inaterereka, agogo. Ili ndi miyendo itatu."

"Itatu! Imeneyo ndi yanga."

Unali mpikisano woopsa. Nkhuku kuchitsime, agogo kuchitsime. Nkhuku kuphiri la penti wouma, agogo pambuyo, nsalu yofiira ikuuluka. Inalowa m'nyumba ya chitseko chatsopano ija, agogo n'kutseka msanga. M'katimo munamveka phokoso, nthenga zoyera zikutuluka pazenera. Tambala wa kwa aneba atalira, agogo anatuluka wefuwefu, nkhuku ili kukhwapa, n'kuthamangira pampando wawo.

Kutacha, bambo anatola chithunzi chija kuti achibwezere pakhoma. Anachiyang'ana, n'kupukuta magalasi awo, n'kuchiyang'ananso.

"Amake Takondwa, tabwerani kuno! Kodi mayi anajambulitsa atanyamula nkhuku?"

"Nkhuku yanji?"

"Iyi apa. Ndipo akuseka! Taonani nsaluyi, yafiira liti?"

Amayi anayandikira n'kuyamba kuwerenga miyendo ndi chala. Takondwa sanayankhule kanthu. Nthawi ya sukulu inali itayandikira, ndipo mudzi wake unalibe nkhuku. Anatenga burashi n'kujambula ina. Iyi anaipatsa miyendo inayi, kuti aone ngati agogo angaigwirenso.