Mawu a chiyembekezo owerenga Lachitatu pabwalo kwa Njema

A tcheyamani ndi a komiti nonse, mawu aja ndi awa. Awerenge mayi mmodzi ndi mnyamata mmodzi mosinthana pamaiki, abusa ndi a shehe akamaliza mapemphero, tisanayambe kugawa mbande za mitengo. Vesi sindinaikemo, ya m'Baibulo kapena ya m'Korani, poti pabwalopo pakhala a CCAP, Akatolika, a Sabata, Asilamu, a pente, ena otsata za makolo komanso ena osapemphera kulikonse ndiye sindikufuna wina aziona ngati wabwera kutchalitchi kwa eni ake pomwe nayenso anataya abale ake.

Oyamba ayambe chonchi:

Madzi a Freddy aja, mu Malichi 2023, sanafunse munthu kuti umapemphera kuti. Amene anabwera ndi makasu kudzafukula anzawo m'matope sanafunsenso. Lero nafe sitifunsana.

Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Tinadzandira, inde, koma onani tilipo.

Mayi amene wasunga mbewu ya nandolo m'chigubu, ana akulira njala, ameneyo akudziwa kuti chaka chamawa chiliko.

Apa owerenga apume kaye, asathamange chonde, mawu otsatirawa ndi a anamfedwa. Ndipo ndikupempha, pasapezeke wonena kuti iwalani zakale kapena kuti zinalembedwa, alipo anthu pabwalopo oti mpaka pano alibe ndi manda omwe oti akasese, mawu otero amabaya.

Inu amene munataya anu, sitikukuuzani kuti muleke kulira. Lirani, ife tikhala nanu pamphasa pompo, ndipo mukafuna kudzuka dzanja ndi ili.

Ena timapemphera Lachisanu, ena Loweruka, ena Lamulungu, ena timathira nsembe pamtengo. Lolemba tonse timakumana pamjigo umodzi.

Mkungudza wa m'phiri la Mulanje sukula lero ndi lero. Woubzala amadziwa kuti mthunzi wake adzakhalapo ndi adzukulu, koma amabzalabe.

Mutu umodzi susenza denga. Nyumba ya mnzako ikagwa usadikire kuitanidwa, tenga chikombole ukaumbe naye njerwa.

Omalizawa ndi oyankhizana, owerenga azinena, anthu onse aziyankha kuti tibzalanso. A kwaya ndi ana a kumadrasa muwauziretu kuti ayambitse ndi iwo mokweza, ena atsatira.

Munda unakwiririka ndi miyala. Tibzalanso!
Mtsinje unadya dimba. Tibzalanso!
Phiri lili ndi zipsera mpaka lero. Tibzalanso!

Akatha pamenepo a gulupu atenge mbande yoyamba. Pachinsalu chopachika kuseri kwa mipando tilembe mawu amodzi okhawo, TIBZALANSO, zilembo zikuluzikulu zoti agogo aone ali patali. Wina wolankhula bwino Chilomwe andithandize mawa madzulo kuti mawu a anamfedwa aja awerengedwenso m'Chilomwe.