Kalata kwa Abusa: Pempho pa Kutalika kwa Mapemphero a Lamulungu

Okondedwa Abusa,

Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndalemba kalatayi modzichepetsa, ndipo ngati ndalumpha malire mundikhululukire.

Nkhani yake ndi ya nthawi. Lamulungu lapitali mapemphero oyenera kuyamba 9 koloko adayamba 9:25, ndipo tidatuluka 1:10 masana. Makwaya asanu ndi limodzi, iliyonse nyimbo ziwiri, adatenga mphindi 50. Zolengeza mphindi 35. Chopereka, poti mlaga uliwonse umaitanidwa pawokha ndi nyimbo yake, mphindi 40. Inu mudakwera pa guwa 12 koloko itadutsa.

Chodandaulitsa chagona pamenepo, Abusa. Ulaliki wanu sutalika ayi, koma umapeza anthu atatopa kale. Nthawi imeneyo malata amakhala atatentha, amayi ali panja kutonthoza ana, ndipo achikulire odwala shuga amatuluka chifukwa sangapirire njala. Ife atumiki timaima pakhomo, ndiye timaona mabenchi akumbuyo akutsala opanda anthu Mawu asanawerengedwe n'komwe. Ena amakhala atayenda makilomita asanu kudzamva Mawu omwewo.

Mukalola, tingayese izi. Makwaya aziimba mosinthana, atatu pa Lamulungu limodzi, nyimbo imodzi yosapitirira mphindi zisanu, ndipo azikhala pafupi ndi kutsogolo, poti kufola ndi kukonza zoimbira kumadya nthawi pafupifupi ngati nyimbo yomwe. Ndandanda wake utuluke mwezi usanayambe kuti pasakhale kwaya yoganiza kuti yasalidwa.

Zolengeza zonse zizifika kwa alembi pofika Loweruka madzulo, aziwerenga okha m'mphindi khumi. Chimatichedwetsa n'chakuti wapampando aliyense amapatsidwa maikolofoni, n'kuyamba ndi moni ndi kuthokoza asanafike pa mfundo. Mayina a omwe apereka masika ndi malipoti a zachuma tingawamate pa bolodi. Za maliro ndi odwala zokha ndizo zingalandiridwe m'mawa womwewo.

Za chopereka tikonza ife atumiki: mbale zinayi, mizere iwiri, milaga yonse nthawi imodzi, kuwerengera ndalama kuvesitile. Mphindi 15 zikwana.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti ulaliki uziyamba isanakwane 10:15, ndipo tiziyamba 9 koloko yeniyeni ngakhale anthu atakhala ochepa. Tikatero tingamatuluke 11:15. Masiku a Mgonero ndi ubatizo n'ngosiyana, ndipo mpingo ungadziwitsidwe sabata imodzi lisanafike tsikulo. Mtima wanga uli pa 1 Akorinto 14:40, kuti zonse zichitike moyenera ndi mwadongosolo.

Nkhaniyi sindinaitengere kwa wina aliyense. Ngati mwaona kuti n'njothandiza, muiike pa bwalo la akulu a mpingo, tiyese kwa miyezi iwiri kenako tiunikenso. Ndikhoza kubwera ku nyumba ya abusa Lachinayi madzulo kudzamva maganizo anu.

Ambuye apitirize kukupatsani mphamvu, pamodzi ndi Amayi ndi ana.

Ine wanu mu utumiki,
Mtumiki woyang'anira chopereka